Kompyuta ikuti 96 koma ndalama yalakwika: tiyang'ane malisiti angati?

Chikondi: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto la kuntchito. Kuofesi kwathu tili ndi malisiti 4,000 a 2023 ndi 2024, a mafuta, a m'masitolo, a malo ogona, onse amene anzathu amabwera nawo akachokera kumidzi. Tawajambula pa sikana, ndipo mnyamata wathu wa makompyuta analemba kapulogalamu kogwiritsa ntchito Tesseract, pulogalamu yowerenga zilembo za pa zithunzi. Kakuwerenga lisiti lililonse n'kuika zinthu zisanu mu Excel: tsiku, dzina la sitolo, nambala ya lisiti, msonkho wa VAT ndi ndalama zonse. Abwana akufuna zinthu ziwiri pofika Lachisanu. Akuti pambali pa chilichonse chimene kompyuta yawerenga pakhale nambala yosonyeza kuti yatsimikiza bwanji, komanso ndiwauze kuti munthu wowunika ayang'ane malisiti angati ndi maso. Wowunikayo ndine ndemwe. Onse 4,000 sindingawathe, ndipo ndikawatha ndiye kuti kompyutayo tinavutikiranji.

Madalitso: Achemwali, choyambacho n'chophweka. Tesseract imapereka kale nambala imeneyo pa liwu lililonse, kuyambira 0 mpaka 100. Muuzeni mnyamata wanuyo atulutse motere:

```
tesseract lisiti.png stdout tsv
```

Mupeza kolamu yolembedwa `conf` pafupi ndi `text`. Mizere imene ili ndi -1 muitaye, si mawu imeneyo, ndi ya tsamba kapena mzere wonse. Ngati dzina la sitolo lili ndi mawu atatu, tengani avereji. Zoposa 80 zisiyeni, zochepera muyang'ane. Kenako onani 10 peresenti ya zonse, basi mwamaliza.

Yamikani: Ine ndagwirapo ntchito za kafukufuku, ndipo konfidensi imene aliyense amagwiritsa ntchito ndi 95 peresenti. Pa 4,000 tebulo limati sampulo ikhale 351. Lembani 95 mu lipoti, abwana sadzafunsanso.

Chikondi: A Yamikani, ndiye kuti ndilembe 95 pa lisiti lililonse? Abwana akufuna nambala yosiyana pa chinthu chilichonse. Tsiku likhale ndi yake, ndalama ikhale ndi yake.

Bambo Gondwe: Pepani ndalowa mochedwa, magetsi anali atathima. A Yamikani akunena chinthu china, ngakhale dzina ndi limodzi. 95 wawoyo ndi wa sampulo yonse, woti ukabwereza maere kambirimbiri yankho lako likhale m'malire ake kangati. Chimene abwana a Chikondi akufuna ndi nambala imene makina amapereka pa chinthu chimodzi chimene awerenga. Ziwiri zonsezi zifunika, koma tisazisakanize. Ndipo 351 uja anawerengera funso lina, lakuti yankho likhoza kuphonya ndi 5 peresenti uku kapena uku. Ngati ukufuna kudziwa kuti zolakwika zili pa 1 peresenti kapena pa 3, kuphonya ndi 5 kulibe phindu.

Tsopano za a Madalitso. Lamulo lawo la Tesseract ndi lolondola, koma avereji ndikuikana. Tinene kuti dzina la sitolo lili ndi mawu atatu, ndipo alandira 96, 95 ndi 41. Avereji ndi 77, nambala yooneka ngati yabwinoko. Koma liwu lachitatu lija mwina ndi zinyalala, ndipo dzina lonse lalakwika chifukwa cha ilo. Chinthu chimodzi chikakhala ndi mawu angapo, tengani nambala yotsikitsitsa. Pamenepa mulembe 41.

Madalitso: Bambo, yotsikitsitsa idzatumiza malisiti ambirimbiri kwa munthu. Kachizindikiro kamodzi ngati & kamagwetsa nambala pamene dzina lonse likuwerengeka bwinobwino. Achemwali adzatopa ndi kuyang'ana zinthu zabwino kale.

Bambo Gondwe: Pa dzina la sitolo mukunena zoona, ndipo pamenepo ndikhoza kukulolani. Masitolo amene anthu a ofesi imodzi amagulako sakhala ambiri, ndiye mutha kukhala ndi mndandanda wa mayina n'kufananiza. Koma pa ndalama ndi nambala ya lisiti sindilola. Pamenepo palibe cholondola pang'ono. Nambala imodzi ikasintha, 3 kukhala 8, zonse zapita.

Mayi Nasibeko: Ine makompyuta sindiwadziwa, koma malisiti ndakhala nawo zaka zambiri mu akawunti. Chikondi mwanawe, choyamba ndikufunse: kodi ndi a mapepala opyapyala aja otuluka m'timakina ta pa kauntala? Chifukwa amenewo akakhala m'thumba la munthu mwezi umodzi kukutentha, zilembo zimazimiririka. A 2023 ena adzakhala oyera ngati sanalembedwepo. Kompyuta ikaona pepala loyera ikulemba chiyani?

Chikondi: Ambiri ndi omwewo, Mayi. Ikalephera ikusiya bokosi lopanda kanthu. Ndipo pamene ndayang'ana pano ndaona kuti malisiti opanda VAT nawonso akutuluka ndi bokosi lopanda kanthu. Sizikusiyana.

Bambo Gondwe: Mayi agwira pamene pali nkhani. Bokosi lopanda kanthu lili ndi matanthauzo awiri: chinthucho palibe pa lisiti, kapena chilipo koma makina sanachione. Malo ogona ang'onoang'ono ambiri sadula VAT, ndiye bokosi lopanda kanthu n'loona. Lisiti lozimiririka lili ndi VAT koma sinaoneke. Mukaika 0 pa onse awiri mwanamiza owerenga. Pamene palibe chowerengedwa musaike nambala ya chitsimikizo ayi, ikani mawu akuti sichinapezeke, ndipo zonse zotero zipite kwa munthu. Munthuyo ndiye alembe kuti palibedi kapena n'chozimiririka.

Koma chachikulu chimene ndikufuna mumve, Chikondi, ndi ichi. Nambala ya `conf` ikuyankha funso limodzi lokha: kodi zilembo zimene ndaziona pamalo awa ndaziwerenga bwino? Siyikudziwa kuti malowo ndi oyenera. Tesseract sidziwa kuti lisiti n'chiyani. Amene akusankha kuti nambala iyi ndiyo ndalama zonse ndi kapulogalamu ka mnyamata wanu. Mumufunse kuti akusankha bwanji.

Chikondi: Ndamufunsa. Akuti kamayang'ana liwu lakuti `TOTAL` n'kutenga nambala ya pamzere womwewo. Kakalephera kupeza liwulo kamatenga nambala yaikulu kwambiri pa lisiti lonse, poti ndalama zonse ndiye zimakhala zazikulu.

Mayi Nasibeko: Iii, ayi. Yaikulu kwambiri nthawi zambiri ndi imene munthu wapereka pa kauntala. Wagula za 55,000, wapereka 60,000, alandira chenji. Mnyamatayo sanagulepo zinthu?

Madalitso: Haha, Mayi mwamulasa. Komatu pali njira yogwirira zimenezo popanda maso a munthu. VAT m'zaka zimenezo inali 16.5 peresenti. Tengani ndalama isanaikidwe msonkho, chulukitsani ndi 1.165, muone ngati ikufanana ndi ndalama zonse. Zikafanana, chitsimikizo n'chachikulu kuposa nambala iliyonse ya Tesseract.

Mayi Nasibeko: Maganizo abwino koma masamu ake asinthe. Pa lisiti limodzi pamakhala katundu wodulidwa VAT ndi wina wosadulidwa. Munthu akagula zosakaniza, 1.165 wanuyo sagwira, ndipo mudzanamizira malisiti abwino. Ingophatikizani zimene zalembedwa: ndalama isanaikidwe msonkho kuphatikiza VAT ifanane ndi ndalama zonse. Musiyenso mpata wa tambala pang'ono, makina amazungulitsa manambala.

Bambo Gondwe: Ndi momwemo. Ndiye Chikondi, pa chinthu chilichonse musapereke nambala imodzi yokha. Ine ndikanapempha makolamu anayi, mwachitsanzo pa ndalama zonse:

```
total   total_conf   total_rule   total_check
55920   93           label        pass
60000   96           largest      fail
```

Yoyamba ndi chimene chawerengedwa. Yachiwiri ndi nambala ya Tesseract. Yachitatu ikunena kuti chinapezeka ndi njira iti, pafupi ndi liwu lake kapena mongoyerekeza kuti n'chachikulu. Yachinayi ikunena ngati masamu a Mayi agwirizana. Onani mzere wachiwiriwo: 96 ndi wamkulu kuposa 93, koma ndiye wokayikitsa. Munthu wongoona kolamu yachiwiri angaudutse akumwetulira.

Ngati mnyamata wanu angathe, asungenso manambala a `left`, `top`, `width` ndi `height`, amene Tesseract ikupereka kale mu fayilo yomweyo. Ndi amenewo mutha kudula kachidutswa ka chithunzi pamene nambalayo yachokera. Wowunika amafulumira kwambiri akamaona kachidutswako m'malo mofufuza lisiti lonse.

Yamikani: Ife pa kafukufuku wina tinali ndi mafomu olembedwa pamanja, mafomu 1,200, ndipo tinalowetsa kawiri. Anthu awiri osiyana, kenako kompyuta imasonyeza pamene asiyana. Zolakwika zinatsala zochepa kwambiri. Bwanji osangochita choncho?

Chikondi: Tikanakhala ndi anthu awiri, a Yamikani, sindikanalemba pano usiku uno. Ndili ndekha, ndipo ndili ndi ntchito zina. Bambo Gondwe, za makolamu ndamva. Nanga za kuchuluka kwa oyang'ana? 10 peresenti ya a Madalitso ndi malisiti 400.

Bambo Gondwe: 400 si yoipa, koma yafika pabwino mwangozi. Chimene chimagwira ntchito ndi chiwerengero cha malisiti amene mwayang'ana, peresenti yake ilibe kanthu kwenikweni. Mukanakhala ndi malisiti 200, 10 peresenti ndi 20, osakwanira kunena chilichonse. Mukanakhala ndi 100,000, ndi 10,000, kudzipha ndi ntchito pachabe. Zili ngati kulawa ndiwo: supuni ndi yomweyo, mphika ukule uchepe, bola mwatakasa.

Gawani malisiti anu milu iwiri. Mulu woyamba ndi onse okayikitsa, amene nambala yawo ili pansi pa malire anu, ndi amene bokosi lawo lilibe kanthu. Amenewo mulibe sampulo, muyang'ane onse, chifukwa ntchito yake ndi kukonza. Mulu wachiwiri ndi umene makina akuti uli bwino. Mmenemo ndimo mutenge sampulo, ndipo cholinga chake ndi kudziwa kuti mwa amene palibe adzawaone, olakwika ndi angati.

Pa kuchuluka kwake pali kalamulo kosavuta. Mukayang'ana malisiti osankhidwa mwamaere n'kusapeza cholakwika ngakhale chimodzi, gawani 3 ndi chiwerengero chimene mwayang'ana. Yankho lake ndi malire apamwamba a zolakwika zimene zingakhalepobe, pa 95 uja wa a Yamikani. Mwayang'ana 60 osapeza kanthu, mungangonena kuti zolakwika sizikupitirira 5 peresenti, ndipo pa malisiti 3,000 amenewo ndi malisiti 150. Mwayang'ana 300 osapeza kanthu, sizikupitirira 1 peresenti. Ndiye funso lipite kwa abwana anu: angapirire zolakwika zingati pa ndalama? Akati 1 pa 100, yambani ndi 300.

Madalitso: Ndiye angotenga 300 oyamba mu fayilo? Kapena lililonse la nambala 10?

Bambo Gondwe: Oyamba ayi. Malisiti amalowa pa sikana m'mitolo, mtolo wa munthu mmodzi, ulendo umodzi, masitolo omwewo. 300 oyamba akhoza kukhala a mwezi umodzi ndi masitolo asanu okha. Kudumphadumpha ndi bwinoko, koma maere enieni ndi osavuta. Ikani kolamu yatsopano mu Excel, lembani izi, kokerani mpaka pansi:

```
=RAND()
```

Kenako koperani kolamuyo n'kuimata ngati manambala okha, chifukwa mukapanda kutero amasintha nthawi iliyonse mukakhudza fayilo. Sanjani kuyambira yaing'ono, tengani 300 apamwamba. Ndipo lisiti likagwa m'maere, lagwa. Musalidumphe chifukwa chithunzi chake n'chovuta kuona, poti ovutawo ndi amene tikuwafuna.

Mayi Nasibeko: Ndionjezepo cha mu akawunti. Maere amatenga lisiti la 2,000 kwacha ndi la 2,000,000 kwacha ngati ofanana. Kwa owerengera chuma sali ofanana. Ikani malire a ndalama, ndipo lisiti lililonse lopitirira pamenepo muliyang'ane, kaya kompyuta ikuti 99. Sakhala ambiri. Koma samalani, kompyuta ikadya ziro mmodzi, lisiti lalikulu limabisala pakati pa ang'onoang'ono. Ndiye muphatikizenso ndalama za mtolo uliwonse mufananize ndi zimene munthuyo analemba pobweza ndalama za ulendo. Zikasiyana ndi ndalama yaikulu, mtolowo mutsegule.

China, mwanawe, poyang'ana uziphimba chimene kompyuta yalemba. Werenga lisiti, lemba wekha, kenako fananiza. Ine ndikudziwa maso anga: ndikaona 38,500 pa sikirini kenako n'kuyang'ana pepala lozimiririka, ndimaona 38,500 yemweyo ngakhale palembedwa 33,500. Makamaka nthawi ikamapita ku 4 koloko.

Chikondi: Zikomo nonse. Mawa ndiyamba ndi ndalama zonse zokha, poti ndi zimene abwana akuzifuna kwambiri. Mnyamata wathu akuti makolamu a njira ndi masamu awonjezera koma samaliza lisanafike Lachinayi, ndiye ndiyamba ndi `conf` yokha, malire 80. Ndidzabwera ndi zimene ndapeza.

Chikondi: Ndabweranso. Masiku awiri apita ndipo maso akuwawa. Mwa 4,000 aja, 620 anali pansi pa 80 kapena opanda kanthu, ndipo ndawayang'ana onse. Otsala 3,380 ndinachita maere n'kutenga 300. Ndinabisa kolamu ya kompyuta monga ananenera Mayi. 300 amenewo ananditengera pafupifupi maola atatu.

M'mulu wokayikitsa, amene anali pansi pa 50 pamodzi ndi opanda kanthu anali 140, ndipo 88 anali olakwika. A pakati pa 50 ndi 79 anali 480, olakwika 53 okha. M'sampulo ya 300 ndapeza olakwika 7. Chondidabwitsa n'chakuti 2 okha ndi amene anali pakati pa 80 ndi 89. Enawo 5 anali ndi 90 kupita m'mwamba. Limodzi nali, ndalikopera momwe lilili:

```
SUBTOTAL   48,000.00
VAT         7,920.00
TOTAL      55,920.00
CASH       60,000.00
CHANGE      4,080.00
```

Kompyuta inalemba 60,000 ndi chitsimikizo cha 96. Mayi Nasibeko analosera ndendende. Onse 5 ndi a sitolo imodzi. Sitolo imeneyo imasindikiza liwu lakuti `TOTAL` ndi zilembo zoyera pa kabokosi kakuda, ndiye Tesseract sikuliona, kapulogalamu n'kuthawira ku nambala yaikulu.

Madalitso: 7 pa 300 ndi 2.3 peresenti. Kutanthauza kuti 97.7 peresenti ili bwino. Konzani 7 amenewo mupereke lipoti, mawa ndi Lachisanu.

Bambo Gondwe: A Madalitso, 7 amenewo si odwala okha m'mudzi, ndi amene apezeka kuchipatala. Chulukitsani 2.3 peresenti ndi 3,380, mupeza malisiti pafupifupi 78 olakwika, ndipo Chikondi waona 7 okha. Komanso 2.3 si nambala yokhazikika. Ndi sampulo ya 300, zoona zake zikhoza kukhala paliponse kuyambira cha pa 1 mpaka pafupifupi 5 peresenti, ndiye kuti malisiti pakati pa 40 ndi 160. Mu lipoti mulembe malire onse awiriwo.

Koma mwayi wanu, Chikondi, ndi wakuti zolakwikazo sizinamwazikane. Zili ndi gwero limodzi, ndipo gwero limatsekeka. Malisiti a sitolo imeneyo alipo angati onse? Ndipo m'sampulo munagwa angati?

Chikondi: M'mulu wa 3,380 alipo 410. M'sampulo munagwa 36, ndiye 5 mwa 36 ndi olakwika. Enawo ali bwino chifukwa munthu analipira ndi khadi kapena anapereka ndalama yeniyeni, ndiye nambala yaikulu inali yolondola mwangozi. Ndapezanso njira yachidule: ndasefa malisiti a sitoloyo amene ndalama yake ikuthera ndi 000, chifukwa munthu akamapereka pa kauntala amapereka yozungulira. Ambiri mwa amenewo akutuluka olakwika. Mpaka pano ndapeza 52.

Mayi Nasibeko: Wachita bwino, koma 410 onsewo uwaone, osati othera ndi 000 okha. Wina amapereka 60,500 kuti chenji chake chibwere chabwino. Ndipo usefe chimodzimodzi masitolo ena onse, mwina pali ina yosindikiza moteromo imene sinagwe m'maere. Malo omwetsera mafuta okha usadabwe nawo, anthu amathiradi mafuta a 50,000 yozungulira.

Yamikani: Ndiye nambala ya kompyutayo ilibe ntchito? Ngati 96 akhoza kulakwika, tikuilemberanji?

Bambo Gondwe: Ntchito ili nayo, onani manambala a Chikondi omwewo. Pansi pa 50, olakwika ndi pafupifupi 63 pa 100 alionse. Pakati pa 50 ndi 79, ndi 11 pa 100. Pamwamba pa 80, ndi 2 kapena 3. Nambala ikamakwera zolakwika zikuchepa, ndiye ikuthandiza kusanja ntchito, kuti munthu ayambire pati. Chimene sichoona n'chakuti 65 akutanthauza mwayi wa 65 pa 100 woti n'cholondola. Kwa Chikondi, malisiti a m'gulu limenelo anali olondola 89 pa 100. Kwa munthu wina, sikana ina, mapepala ena, zidzatuluka zina. N'chifukwa chake chimene ndikanapatsa abwana ndi katebulo kameneka, gulu lililonse, angati anayang'anidwa, angati analakwika. Kameneko kachokera m'maso mwa munthu, pa malisiti a ofesi yomweyo.

Chinanso, Chikondi. Mnyamata wanu akakonza kapulogalamu n'kuyendetsanso, musabwerere ku 300 omwe aja n'kunena kuti tsopano zolakwika ndi 2 zokha. Sampulo ija mwaigwiritsa ntchito kupeza vuto, ndipo akonza moyang'ana iyo. Ili ngati mayeso amene mwana waona kale mayankho. Chitaninso maere atsopano. Kukonza kwina kumathyola zimene zinali bwino.

Chikondi: Maola ena atatu, Bambo! Chabwino, ndichita Lolemba, abwana ndawauza kale kuti Lachisanu alandira za ndalama zokha komanso zosamaliza. Koma pali china chandiopsa. Poyang'ana ndalama ndinaona lisiti la pa 3 Epulo 2024, lolembedwa `03/04/2024`, koma mu Excel likuoneka ngati la pa 4 Malichi. Chitsimikizo 95.

Madalitso: Ameneyo ndiye ndikumudziwa, anandilumapo. Tesseract yawerenga bwino, chalakwa ndi chosandutsa mawu kukhala tsiku. Chikutsata kalembedwe ka ku America koyamba ndi mwezi. Choipa chake n'chakuti tsiku likapitirira 12 zida zina zimatembenuza zokha n'kulondola, ndiye olakwika ndi a pa 1 mpaka pa 12 okha, kupatula ngati `05/05` amene ali chimodzimodzi mbali zonse. Muuzeni alembe kalembedwe kake mwachindunji, `%d/%m/%Y`, asasiye kuti pulogalamu iziganizira yokha. Ndipo asunge mawu oyambirira momwe anawerengedwera mu kolamu yawoyawo, kuti mudzathe kubwerera.

Bambo Gondwe: Pamenepo a Madalitso anena zonse. Ndingoonjeza kuti izi zikusonyeza chifukwa chake zolakwika muziwerenga chinthu chilichonse pachokha. Sampulo ikhoza kukhala malisiti omwewo 300 atsopano, muyang'ane zinthu zonse zisanu pa lisiti lililonse, koma lipoti linene ndalama pazokha, tsiku palokha. Mukaphatikiza, 300 kuchulukitsa 5 ndi zinthu 1,500, ndipo zolakwika 30 za tsiku zidzaoneka ngati 2 peresenti yokha, pamene pa tsiku lenilenilo ndi 10.

Madalitso: Komabe pa malire ndikufuna titsutsane. Pakati pa 50 ndi 79 achemwali anayang'ana 480 kuti apeze 53. Malisiti 427 anawayang'ana pachabe. Masamu a Mayi akayamba kugwira, ine ndikuti lisiti limene ndalama zake zikuphatikizika bwino lidutse ngakhale lili ndi 60. N'kovuta kuti makina alakwitse manambala awiri mogwirizana.

Bambo Gondwe: N'kovuta, koma zimachitika ngati mzere woyera wa makina osindikizira wadutsa kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kudya nambala ya malo omwewo pa mizere iwiri. Ndinazionapo. Komabe sindikukanirani. Chikondi ali ndi mayankho a 480 aja kale. Kolamu ya masamu ikabwera, awerenge kuti mwa 53 olakwikawo ndi angati amene masamu akanawadutsitsa. Akapeza kuti palibe, ndigonja pa malisiti okhala ndi VAT. Opanda VAT alibe chophatikiza, amenewo akhalebe pa 80.

Mayi Nasibeko: Ine ndiye sindigonja msanga. Amene adzayankhe owerengera chuma akabwera si kapulogalamu, ndi Chikondi. Ndipo nambala za 96 ndi 41 zija sindikufuna zifike kwa abwana n'komwe. Adzaona 96 n'kuyesa malikisi a mayeso. Awapatse mawu atatu okha: laonedwa ndi munthu, ladutsa masamu, silinaonedwe.

Chikondi: Abwana anapempha nambala, Mayi, ndipo ndikawapatsa mawu okha adzati sindinamve. Mwina ndiika zonse, mawu anu kutsogolo, nambala kumapeto kwa tebulo. Mnyamata wathu wangonditumizira fayilo yatsopano yokhala ndi `total_rule` ndi `total_check`. Malisiti amene anapezeka ndi `largest` alipo 655, ndipo 410 okha ndi a sitolo ija. Enawo 245 sindikudziwa kuti ndi a kuti. Ndiyamba ndi amenewo mawa m'mawa.